Kalata yopepesa imene mphwanga analembera mkazi wake atamunena wakuba pamaso pa anthu

Ndine nkhoswe wa mabanja angapo kwathu kuno ku Zomba, ndipo milandu yambiri imene imandipeza si ya zibwenzi kapena ndewu ayi, ndi ya pakamwa. Wina wapsa mtima, walankhula, mnzake walongedza. Kawirikawiri ankhoswe a mbali zonse ziwiri timangokhala pansi ndi eni banja n'kukambirana, koma nthawi zina wolakwiridwayo amakana ngakhale kuona nkhope ya mnzake. Apa m'pamene kalata imagwira ntchito. Ndifotokoza mlandu wa mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, mmene unayendera. Onse awiri anavomera kuti ndilembe, bola ndisatchule mayina.

Mphwangayo ndi kalipentala, amachita lendi ku Chinamwali pa mpanda wa nyumba zinayi zotunga pa mpope umodzi. Mkazi wake kwawo ndi cha ku Jali, amagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo ali ndi mwana mmodzi wa zaka 4. Kumapeto kwa Febuluwale kasitomala wina anapereka K150,000 ya chikole cha mafelemu a zitseko, mphwanga n'kuisunga m'nyumba kuti Loweruka akagule matabwa. Lachinayi apongozi ake aakazi anadwala mwadzidzidzi kumudzi. Mkazi anayesa kumuimbira, foni sinapezeke, ndiye anatapapo K60,000 n'kutumiza kuti odwala anyamulidwe kupita kuchipatala. Ankati amuuza madzulo. Madzulo mwamuna anabwera atatopa, mawa lake analawirira, ndipo mkazi uja mantha anayamba kumugwira. Loweruka m'mawa mwamuna anawerenga ndalama.

Mkangano unayambira kuchipinda, unakathera pa mpope pomwe amayi a nyumba zinazo ankachapa. Pamenepo mphwanga ananena zinthu zitatu: "Ndiwe wakuba." "Ndinakutola ulibe ngakhale nsapato." "Iwe ndi amako ndinu amodzi, ntchito kundidyera." Anawonjezanso mawu ena otukwana apongozi ake amene sindingawalembe pano. Mkazi sanayankhe. Masana anabereka mwana, n'kukwera ya ku Jali.

Zimene mphwanga anachita sabata yoyamba asanabwere kwa ine n'zimene amuna ambiri amachita, ndipo zinatalikitsa nkhani. Usiku womwewo analemba pa WhatsApp kuti "pepa ngati ndakulakwira, bwera tikambirane". Ataona kuti uthenga wawerengedwa koma yankho palibe, anayamba kuimba mosalekeza, mpaka pakati pa usiku. Tsiku lachitatu anatumiza K20,000 pa foni osanenapo kanthu. Ndalamayo inabwerera madzulo omwewo, yathunthu. Iye anadabwa, koma palibe chodabwitsa. Munthu amene wamunena kuti amakudyera, ukamutumizira ndalama m'malo mwa mawu, kwa iye zimamveka kuti ukutsimikiza zimene unanena zija: kuti vuto lake ndi ndalama, ukamuponyera pang'ono abwera. Ndalama ya chakudya cha mwana iyenera kupita ndithu, mkangano kapena ayi, koma ipite ndi uthenga womveka kuti ndi ya mwana, ndipo bwino idzere kwa ankhoswe. Atakwiya ndi kubwerera kwa ndalamako, analembanso kuti "ngati sukufuna banja ungonena". Atatero mkazi anatseka nambala yake.

Mphwanga anafika kwa ine atafooka, maso ali gwa kusowa tulo. Anati, "Malume, pitani mukamutenge." Ndinamva chisoni, komanso ndinapsa mtima, chifukwa mayi amene anatukwanidwawo ndi munthu amene tinadyera naye mbale imodzi tsiku la chinkhoswe. Ndinamuuza kuti mkazi si katundu woti ndikamutenge, ndipo ine sindingapite kwa mkazi wake ndisanaonane ndi nkhoswe wa kuchikazi. Mwambo wathu umatero, ndipo uli ndi chifukwa chake: nkhoswe wa kuchimuna akalunjika kwa mkazi, mkaziyo amavomera chifukwa choopa kukana munthu wamkulu, n'kubwerera chilonda chili chiwisi.

Ankhoswe anzanga, amalume a mkaziyo, anandilandira bwino koma anandiuza mosabisa. Mwana wawo sakufuna kukhala pa mkeka umodzi ndi mwamuna wake pakadali pano, ndipo mayi ake anamva zonse zimene zinanenedwa, chifukwa nkhani ya pa mpope imathamanga kuposa minibasi. Ndinafunsa ngati angalandire kalata. Anakamufunsa, anabwera n'kunena kuti kalata ibwere, koma asayembekeze yankho. Ichi ndimachita nthawi zonse: kufunsa kaye ngati kalata ikuloledwa. Munthu amene watseka nambala yako wanena kale kuti umusiye. Kalata yobwera popanda chilolezo imangooneka njira ina yomukakamiza.

Ndinauza mphwanga kuti akalembe yekha, abwere nayo ndione. Imene anabwera nayo inali iyi:

"Wokondedwa mkazi wanga, pepa ngati mawu anga anakukhumudwitsa. Ukudziwa kuti lilime lilibe fupa ndipo tonse ndife anthu. Anali Satana chabe. Koma nawenso ukanandiuza za ndalama zija zonsezi sizikanachitika, chifukwa kasitomala akundivutitsa mpaka pano. Baibulo limati tizikhululukirana. Ine sindikudya, sindikugona, nyumba yazizira. Ganizira mwana. Bwera Lamlungu, tiiwale zakale."

Analemba ndi mtima woona, sindikukayika. Koma tinaiwerenga limodzi mzere ndi mzere, ine n'kumamufunsa funso limodzi lokha: mkazi wako akawerenga apa, amva chiyani?

Pa "ngati mawu anga anakukhumudwitsa" amva kuti mwamuna wake sakudziwabe ngati kunena munthu wakuba pa gulu n'kulakwa, ndipo mwina vuto ndi mtima wake wosachedwa kukhumudwa. Pa lilime lopanda fupa ndi Satana amva kuti wolakwa wapezeka, koma si mwamuna wake. Ena pamalo amenewa amaika mowa, ena njala, ena mavuto a kuntchito. Zonsezi zimaopseza m'malo motonthoza, chifukwa mowa, njala ndi Satana zidzabweranso, ndiye kuti mawuwo adzabweranso. Pa vesi la kukhululuka amva kuti tsopano wochimwa ndi iye ngati sakhululuka msanga. Mawu a pa Mateyu 18 onena za kukhululukira mbale wako kambirimbiri ndi oona, koma woyenera kuwakumbutsa mnzake si amene wangolasa kumene. Pa kusadya ndi kusagona amva kuti ayambe kusamala amene wamupweteka. Pa "ganizira mwana" amva kuti iye ndi mayi wosaganizira mwana. Ndipo "bwera Lamlungu" ndi lamulo.

Pamene tinalimbana kwambiri ndi pa "koma" uja. Mphwanga anakweza mawu: "Malume, ndiye kuti ndalama sanatenge? Ndiname?" Apa m'pamene makalata ambiri opepesa amafera, chifukwa kawirikawiri wotukwanayo amakhala ndi dandaulo lenileni. Mkazi anatengadi ndalama ya kasitomala osanena, ndipo masiku awiri anakhala chete. Mphwanga anachita kukongola kwa mnzake kuti matabwa akwane. Sindinamuuze kuti aiwale zimenezo. Ndinamuuza kuti pali milandu iwiri, wa ndalama ndi wa pakamwa, ndipo ukaiika pa pepala limodzi imadyana. Mkazi awerenga chipepeso chonse mpaka pa "koma", kuchokera pamenepo ayamba kukonza zodziteteza, ndipo zam'mwambazo ziiwalika. Mlandu wa ndalama uli ndi malo ake, pamaso pa ankhoswe, pomwe onse awiri angayankhane. Ndinamulonjeza kuti ndidzaudzutsa ndekha nthawi yake ikakwana. Atamva kuti dandaulo lake silitayidwa, m'pamene mtima unakhala pansi. Amene mukuthandiza wina kulemba, musadumphe lonjezo limeneli. Mukangomuletsa osamuuza komwe dandaulo lake lipite, alizembetsa m'kalatamo mwa njira ina.

Tisanalembe kachiwiri tinachita ntchito imene iye sanaikonde. Ndinamupatsa pepala lina kuti alembe mawu enieni amene ananena, mmene anatulukira, komanso anthu amene anamva. Anakumbukira "wakuba" yekha. Za nsapato ankati sananene choncho, za apongozi ankati sakukumbuka. Sikuti ankanama kwenikweni. Munthu wolusa amakumbukira chimene chinamupsetsa mtima, wotukwanidwa ndiye amasunga mawu onse ndi kamvekedwe kake komwe. Ndinamutuma kwa mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, amene analipo pa mpope, kuti akafunse mwaulemu. Anabwerako manyazi atamugwira, chifukwa mayiwo anamubwerezera zonse, kuphatikizapo kuti mwana anali ataima pakhomo akumva. Kufunsaku n'kofunika chifukwa ukapepesa chimodzi n'kusiya ziwiri, mnzako amaona kuti zotsalazo ukuzikhulupirirabe.

Kenako ndinamufunsa kuti mwa mawu atatu aja, opweteka kwambiri ndi ati. Iye anati wakuba. Ine ndinkaona kuti ndi a nsapato, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti n'zoona. "Wakuba" ndi mawu a tsiku limenelo, obadwa ndi mkangano wa ndalama. Koma "ndinakutola" ndi mawu amene munthu amaganiza kuti unawasunga mumtima zaka zonse za banja, mkwiyo wangowatsegulira chitseko. Mawu okhudza umphawi wa kwawo, thupi lake, kubereka kapena kusabereka, sukulu imene sanamalize, ndi chinsinsi chimene anakuuza chifukwa chokukhulupirira, onsewa ali m'gulu limeneli. Pa mawu otere "sindimatanthauza" sikukwanira. Uyenera kulemba choona chimene chikutsutsa bodzalo, ndipo chikhale chinthu choti mnzakoyo akuchidziwa kuti chinachitikadi. Ndinamufunsa kuti pamene ankakwatirana iye anali ndi chiyani. Anakhala chete, kenako anati pulena ndi sowo yake yoyamba zinagulidwa ndi ndalama imene mkazi anatenga ku banki mkhonde.

Kalata yachiwiri, imene inapita, inali iyi:

"Mayi a mwana wanga,

Ndalemba kuti ndipepese pa zimene ndinakunenani Loweruka lija pa mpope. Ndinakunenani kuti ndinu wakuba. Ndinanena kuti ndinakutolani mulibe nsapato. Ndinanena kuti inu ndi amayi mumandidyera, ndipo ndinawatukwana amayi ndi mawu amene sindingawabwereze. Ndinanena zonsezi mokuwa, anthu akumva, mwana wathu ali pakhomo.

Ndinalakwa. Inu si wakuba. Ndalama ija munatumiza kuti amayi apite kuchipatala, ndipo ine sindinafunse n'komwe kuti ali bwanji. Sindinakutoleni. Pulena ndi sowo zimene ndinayambira ntchito munagula ndinu, ndipo miyezi imene ndinalibe oda tinkadya za pa benchi yanu ya tomato. Amayi sanandipemphepo kanthu, ndipo chaka chatha ndi iwo anatipatsa mpunga.

Ndinapsa mtima, koma mawuwo ndinasankha ndekha, ndipo ndinasankha amene ndinkadziwa kuti akupwetekani. Ndakuchititsani manyazi pamalo amene mumatunga madzi tsiku lililonse. Uthenga uja wakuti ngati simukufuna banja mungonena unalinso wolakwika.

Ndikufuna kukapepesa kwa amayi pamaso pawo, ndi ankhoswe, tsiku limene iwo angalole. Ndikufunanso kukauza anthu a pa mpanda kuti zimene ndinanena zinali zabodza, ngati inu mungavomere kuti nditero. Kuyambira pano ndikapsa mtima ndizituluka n'kupita ku shedi, nkhani tizikambirana ndikabwerako, m'nyumba, mwana atagona.

Sindikukuikirani tsiku. Sindiimbanso foni mpaka mutalola. Ndalama ya mwana izidzera kwa amalume anu Lachisanu lililonse. Mukafuna kundiyankha, yankho lililonse ndidzalimva.

Ndikupempha kuti mundikhululukire.

Ine mwamuna wanu."

Mawu onse ndi ake. Ine ndinkangofunsa mafunso ndi kukana zimene sizinayenere. Izi ndikuzinena chifukwa mkazi amadziwa kalankhulidwe ka mwamuna wake, ndipo kalata yolembedwa ndi malume, abusa kapena mnzako wa sukulu yambiri imanunkha patali. Ngati mumalankhulana Chichewa kunyumba, musalembe Chingerezi chokopera kwina. Mphwanga ndi mkazi wake amatchulana "inu" masiku onse, "iwe" uja anatuluka ndi mkwiyo, ndipo kalata yoyamba inali itamutengera. Yachiwiri inabwerera pa ulemu wawo wa nthawi zonse. Amene mumatchulana "iwe" musasinthe, zingamveke zachilendo.

Muona kuti mawu atatu aja anawalemba mmene analili, koma otukwana apongozi anangowaloza osawalemba. Malire ake ndi amenewo. Mawu onyoza atchulidwe kuti mnzako adziwe kuti ukudziwa chimene ukupepesa. Mawu olaula asalembedwe, chifukwa pa pepala amakhalitsa, ndipo kumudzi kalata siwerengedwa ndi munthu mmodzi. Lembani mukudziwa kuti mwina mayi ake, mchemwali wake ndi amalume ake aiona. Pa chifukwa chomwecho musaikemo za kuchipinda kapena chinsinsi cha wina aliyense.

Muonanso kuti malonjezo ndi ochepa, ndipo lililonse ndi loti munthu angalione ndi maso ngati lachitika kapena ayi. Mphwanga ankafuna kulemba kuti "sindidzapsanso mtima mpaka imfa". Ndinamuletsa. Adzapsa mtima ndithu, mwina mwezi womwewo, ndipo tsiku limenelo kalata yonse idzasanduka bodza. Kutuluka n'kupita ku shedi angakwanitse. Za chikondi sanalembe zambiri, ndipo ine ndinaona kuti zili bwino. Munthu amene mwamunyoza sabata yatha, mawu otsekemera amamunyansa. Pulena ndi benchi ya tomato zinanena zokwanira.

Kalatayo analemba pamanja, ndi bolopeni, pa pepala loyera la m'kope, mbali imodzi ndi theka. Anaikopera kawiri kuti pasakhale zofufuta, chifukwa wowerenga amalimbana ndi kudziwa chimene chafufutidwacho. Anaika deti pamwamba, ndipo ndinamuuza kuti aijambule ndi foni asanamate envelopu, kuti azikumbukira zimene walonjeza. Atamaliza sitinatumize tsiku lomwelo. Inagona usiku umodzi, m'mawa anaiwerenga mokweza ndili pomwepo, ndipo anachotsa yekha mzere umodzi umene unati "monga mukudziwa ndalamayo inali ya kasitomala". Anali "koma" yemwe uja, atavala malaya ena. M'envelopu simunalowe ndalama, chitenje kapena chithunzi cha ukwati.

Wonyamula ndinali ine, kukapereka kwa ankhoswe anzanga, iwo n'kupatsa mwini wake ili yomata. Musatume mwana, chifukwa mukumusenzetsa mlandu wa akulu ndipo yankho likakhala loipa amadziona wolephera. Musatume mnzanu wa ku bawo kapena wa kabaza wongodziwana naye, nkhani idzafika ku Chinamwali konse kalata isanafike ku Jali. Ndinapemphanso kuti asamuumirize kuwerenga pamaso pa anthu. Ngati mnzanuyo kuwerenga kumamuvuta, musamupatse pepala loti akachite kupempha wina amuwerengere. Lembani ndithu kuti maganizo alongosoke, kenako muwerenge nokha n'kujambula mawu pa foni, nkhoswe akamupatse amvere payekha.

Kenako kunali zii. Sabata yoyamba mphwanga anapirira. Yachiwiri anayamba kubwera kwanga madzulo alionse, mwina atakwiya, mwina misozi ili m'maso. Tsiku lina anati akufuna kulemba ina yofotokoza bwino, tsiku lina anati angopita konko akagwade. Ndinamukumbutsa kuti analemba yekha kuti saika tsiku. Kalata ili ngati kunena odi pakhomo: ukanena, umaima panja mpaka eni nyumba ayankhe. Chimene mkazi ankayang'ana masiku amenewo si kukoma kwa mawu, koma ngati foni ikhaladi chete ndiponso ngati ndalama ya mwana ifikadi Lachisanu. Lachisanu lina inachedwa mpaka Loweruka m'mawa chifukwa kasitomala sanalipire, ndipo ndinamuuza kuti aimbire amalume a mkaziyo Lachisanu lomwelo kuwadziwitsa, osadikira kuti afunse.

Yankho linabwera patatha milungu itatu, la pakamwa, kudzera kwa ankhoswe. Linali lalifupi: kalata wawerenga, za anthu a pa mpanda achite, za kubwerera sananenepo. Mphwanga anakhumudwa, ankayembekezera zambiri. Ine ndinaona kuti apa nkhani yatembenuka, chifukwa munthu amene watsimikiza kuthetsa banja sasamala zimene anthu a pa mpanda akuganiza.

Kukonza kwa anansi kunali kovuta kuposa kulemba. Sanaitanitse msonkhano, zikanangokhala chionetsero china. Anapita nyumba ndi nyumba, zitatu zonse, madzulo, n'kunena mawu ochepa: kuti zimene ananena za mkazi wake ndi apongozi ake zinali zabodza, mkazi wake si wakuba, ndalama inapita ku matenda, ndipo wolakwa ndi iye. Bambo wina anamuseka kuti wadyetsedwa. Mphwanga anabwera kwanga akunjenjemera ndi ukali, koma sanamuyankhe. Gawo limeneli anthu ambiri amalithawa. Mawu onenedwa pa gulu sachotsedwa ndi kalata ya m'envelopu yokha, chifukwa mkazi akabwerera akakumana ndi maso omwe aja pa mpope. Koma funsani kaye mwini wake, monga mmene kalata inachitira. Ena safuna kuti nkhani idzutsidwenso, ndipo ufulu umenewo ndi wawo.

Sabata yotsatira tinapita ku Jali kwa apongozi. Mphwanga ananyamula nkhuku, shuga ndi sopo, osati ngati malipiro, koma chifukwa kwa apongozi odwala supita chimanjamanja. Anakhala pansi, chipewa m'manja, n'kupepesa ndi pakamwa pake. Mayiwo anamusiya alankhule mpaka amalize, kenako anati, "Bambo, ine kutukwanidwa sindidandaula, ndakula. Koma mwana wanga ndinamulera ndi ganyu, nsapato anali nazo." Panalibe woyankha. Mphwanga anagwetsa nkhope, ndipo ine ndemwe ndinamva kutentha m'maso.

Tsiku lomwelo masana tinakhala pansi ankhoswe ndi eni banja, koyamba chichitikireni mkangano. Titamaliza za pakamwa ndinadzutsa za ndalama, monga ndinalonjezera. Mkazi sanakane. Anati kutenga sakuona kuti analakwa, chifukwa mayi ake akanafa, koma kukhala chete masiku awiri analakwa, ndipo anachita zimenezo chifukwa ankaopa kukalipiridwa. Mawu amenewa anatiuza kuti kukalipa sikunayambe Loweruka lija. Kukanakhala kuti "koma" uja anatsala m'kalata, sindikhulupirira kuti akanavomera mbali yake mosavuta chonchi. Anagwirizana kuti ndalama ya makasitomala izikhala payokha ndipo isakhudzidwe, koma pakhale ina ya ngozi, yoikidwa ndi onse awiri mwezi ndi mwezi, imene aliyense angatenge pa matenda kapena maliro bola anene tsiku lomwelo, ngakhale pa uthenga wa foni.

Mkazi sanabwerere tsiku limenelo. Anati adikira mayi ake apeze mphamvu, ndipo anabwera pakati pa Epulo, patatha pafupifupi miyezi iwiri. Ndinene zimene zinatayika, poti ena amaganiza kuti kalata yabwino imabweza zonse. Malo ake ogulitsira anapeza atakhalapo wina, ndipo mpamba wa tomato unali utadyedwa, anayambiranso ndi ngongole. Mphwanga anawononga ndalama yoposa K60,000 imene ankalirira ija pa maulendo a ku Jali, ake ndi a ankhoswe, ndi masiku amene shedi inali yotseka. Mkazi anakana kukhalanso pa mpanda uja ngakhale anansi anapepesedwa, ndiye mwezi wotsatira anasamukira ku Matawale, komwe lendi ndi yokwererapo. Mwana kwa kanthawi ankathawira kuseri kwa mayi ake bambo akangokweza mawu, ngakhale poitana nkhuku.

Pali makalata amene ine ndimakana kunyamula. Ngati mawuwo anabwera ndi dzanja, kapena ndi kuopseza kuti ndikupha, ndikulanda mwana, ndikuotchera katundu, imeneyo si nkhani ya chipepeso cha pa pepala. Chimodzimodzi ngati kutukwana kuli kwa mwezi ndi mwezi, kalata n'kumabwera pambuyo pake nthawi zonse. Pamenepo kalata yasanduka mbali ya nkhanzayo, chida chobwezera munthu pamalo pomwe apwetekedwenso. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinena za kumenya kokha, limawerengeranso nkhanza zozunza maganizo, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza kumene mkazi kapena mwamuna angakadandaule. Nkhoswe amene amangoti "banja ndi kupirira" pa milandu yotere akutumiza mwana wa eni kukavulala. Chizindikiro chimene ndimayang'ana ndi chakuti wolembayo akauzidwa kuti yankho likhoza kukhala "ayi", amatani. Wolapadi amamva kuwawa koma amavomera. Winayo amayamba kuopseza, kapena kufunsa kuti ndiye walemberanji.

Za mphwanga, lonjezo la ku shedi linayesedwa mu Juni, pa nkhani ya fizi ya ku mkaka ya mwana. Mkazi wake anandiuza yekha kuti anatulukadi, koma anamenyetsa chitseko potuluka, ndipo atabwerako anakambirana mpaka kugwirizana. Za chitsekozo tinakhalanso pansi Lamlungu lotsatira.